Kuphunzitsa Chingerezi ndi masewera oyerekeza mawu

Ndimaphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu ina ya kumwera kwa Mzimba, kufupi ndi Embangweni. Ana anga amapitirira 100, ndipo mabuku a Chingerezi amene akadali ndi masamba onse ndi oti gulu la ana khumi limalimbirana limodzi. Kudzaza kotereku tidakuzolowera kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere. Koma kuno tili ndi katundu winanso. Mwana amadzuka m'Chitumbuka, kusukulu amawerenga Chichewa, ndipo Chingerezi chimabwera ngati chilankhulo chachitatu, chimene sachimva kudimba kapena kuchigayo. Akangolowa Sitandade 5, maphunziro ena onse amawapeza m'Chingerezi chomwecho. Ntchito yanga ndi yoti akafike kumeneko ali ndi mawu amene angathe kuwatulutsa pakamwa pawo.

Chida chimene chimandithandiza kwambiri ndi masewera oyerekeza mawu. Amafanana ndi ndagi zimene ana amaponyerana madzulo: wina amafotokoza chinthu osachitchula dzina, mnzake n'kulasa. Koma masewerawa si ophunzitsira mawu atsopano. Mwana sangalase chimene sanachimvepo. Mawu ndimayamba ndawaphunzitsa Lolemba ndi Lachiwiri, chinthu chenichenicho chili m'manja, ndipo masewera amabwera kuyambira Lachitatu, mphindi khumi zomaliza za phunziro.

Luso lalikulu lili pa kasankhidwe ka mawu. Pa sabata ndimatenga asanu ndi atatu basi, ndipo ndimawasankha awiriawiri ofanana. Pa mutu wa ziwiya za pakhomo ndimaika “hoe” pamodzi ndi “axe”, “basket” pamodzi ndi “mat”, “pot” pamodzi ndi “bucket”, “knife” pamodzi ndi “needle”. Khasu ndi nkhwangwa zonse zili ndi mpini wa mtengo ndi chitsulo. Dengu ndi mphasa zonse n'zoluka. Mawu akatalikirana, monga ng'ombe ndi singano, mwana amalasa atangomva liwu limodzi, ndipo chiganizo chonse chimamudutsa. Akayandikana, amakakamizika kumvetsera mpaka kumapeto. Mawu onga supuni, tebulo ndi buku ndimawasiya, chifukwa mwana amawalasa ndi chilankhulo cha kwawo, ine n'kumaganiza kuti wadziwa Chingerezi.

Pamwamba pa bolodi ndimalemba mitu itatu ya ziganizo, ndipo imakhala pomwepo sabata yonse: “It is made of”, “We find it in”, “We use it to”. Awa ndiwo makwerero a mwana wofotokoza. Popanda iwo amangoti kakasi, kapena amathawira ku Chitumbuka. Lamulo ndi limodzi: palibe kulasa zonse zitatu zisananenedwe.

Ndimatsata ndondomeko yomwe tidaphunzira pa pulogalamu ya boma ya kuwerenga imene idayamba mu 2016: mphunzitsi ayambe yekha, kenako achite pamodzi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira achite okha. Poyamba ndimabisa nkhwangwa m'thumba la ufa n'kufotokoza ndekha. Ndikangoti “It is made of wood and iron”, manja amakwera m'mwamba, zala zikuthetheka, “Aphunzitsi! Aphunzitsi!” Ambiri apa amakhala ataganiza khasu. Ndimawauza atsitse manja. Ndikati “We find it in the house”, palibe chasintha, poti zonse ziwiri zimagona m'nyumba. Koma ndikati “We use it to cut trees”, umaona nkhope zikusintha mzere ndi mzere. Phunziro lenileni lili pamenepo, pamene mwana wasiya yankho lake loyamba chifukwa cha liwu la Chingerezi limene walimva n'kulimvetsa.

Asanayankhe ndi pakamwa, aliyense amalemba liwulo kumapeto kwa kope lake n'kukweza kope m'mwamba. Wopanda cholembera amalemba ndi chala pansi, tikakhala panja. Izi ndizo zimapulumutsa kalasi yaikulu. Ukalola kuyankha mofuula, ana asanu ochenjera a kutsogolo amatenga masewera onse, ena onse n'kumangobwereza phokoso. Makope akakwera, ndimayenda mpaka kukhoma la kumbuyo, ndipo ndimaona ndi maso anga amene walemba “hoe”, amene walemba “akisi” monga mmene khutu lake lamvera, ndi amene sanalembe kanthu.

Gawo lachiwiri, mwana mmodzi amakhala pa mpando atafulatira bolodi, ine n'kulemba liwu kumbuyo kwake. Mizere itatu yosiyana imapereka chiganizo chimodzichimodzi. Wolankhula ndimamutchula ndine kuchokera m'kaundula, osati wokweza dzanja. Ambiri amaganiza kuti wophunzira ndi uja wakhala pa mpando, koma amene akugwira ntchito yolemetsa ndi ofotokozawo. Wolasa amatulutsa liwu limodzi, pamene wofotokoza amamanga chiganizo chathunthu.

N'chifukwa chake gawo lachitatu ndilo lofunika koposa. Ndimawagawa m'magulu a ana khumi, gulu lililonse ndi makadi ake asanu ndi atatu. Makadiwo ndimadula ku makatoni a sopo amene ndimapempha m'magolosale ku Jenda kapena pa boma, liwu mbali imodzi, mbali inayo yopanda kanthu. Mwana amatola khadi, amalibisa pachifuwa, n'kufotokozera anzake. Akalasa, khadi limapita pansi pa mulu ndipo wotsatira amatola. M'mphindi zisanu, ana khumi amakhala akulankhula Chingerezi nthawi imodzi m'malo mwa mmodzi. Buku limodzi lija la pagulu limasanduka woweruza: akatsutsana za kalembedwe ka “knife”, amatsegula tsamba n'kuona okha chilembo chosatchulidwa chili kutsogolocho.

Zosokoneza zilipo, ndipo zimadziwika msanga. Gulu likamamaliza makadi mofulumira kwambiri, dziwani kuti wina akunong'oneza “jembe” kapena akulima m'malere ndi manja. Zikatero wofotokoza ndimamuuza aike manja kumbuyo, ndipo gulu limapata mfundo chifukwa cha ziganizo zitatu zomveka, osati chifukwa cholasa. Gulu likakhala zii, nthawi zambiri vuto ndi mneni: akudziwa “needle” koma alibe “sew”. Choncho pambali pa bolodi ndimalembapo aneni ake a sabatayo. Atsikana ena amanyazi amabisala kumbuyo kwa anzawo, ndiye khadi limayenda motsata bwalo, palibe wolumphidwa. Phokoso nalo ndi lalikulu moti kalasi yoyandikana imadandaula. Kukacha bwino timatuluka panja, koma mu Juni ndi Julayi, mphepo ya kuno ikamaluma, timasewera monong'ona m'kati, ndipo gulu limene ndalimva ndili pakhomo limataya mfundo.

Kuti ndidziwe ngati mawu akhazikika, sindiyang'ana chisangalalo cha tsikulo. Sabata yotsatira ndimasakaniza makadi atatu akale ndi atsopano, ndipo ndimaitana ana angapo a kumbuyo kuti andifotokozere “bucket” bolodi itafufutidwa. Akatha popanda makwerero aja, liwulo ndi lawo.

Masewerawa ali ndi malire ake. Amagwira bwino pa zinthu zooneka, nyama, ntchito za anthu ndi malo, koma mawu onga “because” kapena “although” salasika. Amenewo amafuna nkhani yowerenga, ndipo nkhani imafuna buku. Sindinanamizepo ahedi kapena makolo kuti makatoni alowa m'malo mwa mabuku. Pa msonkhano uliwonse wa komiti ya sukulu ndimapemphabe mabuku, chifukwa mwana amene wadziwa mawu asanu ndi atatu sabata ino ayenera kukakumana nawo pa tsamba, ali pakati pa mawu ena.