Ndalama za foreksi zimathera kuti?

Masiku ano mabanja ena ali ndi wachinyamata amene akuti akuchita malonda a foreksi pa foni. Amagula ndalama zakunja m'mawa n'kuzigulitsa dzuwa lisanalowe, poyembekezera kuti mtengo ukasuntha pang'ono apeza phindu. Makolo ambiri amandifunsa ngati ndi bwino kumupatsa mpamba mwana wotere. Ine sindiyankha msanga. Ndimatenga pepala n'kuwauza kuti tiyambe tawerengera limodzi.

Mwana wa mchemwali wanga anandionetsa mmene amachitira. Anaika madola 200 ku kampani ina ya pa intaneti, ndipo ankagula ndi kugulitsa mayuro, pamzere wolembedwa EUR/USD. Pa foniyo pamaoneka mitengo iwiri: wogulira, tinene 1.1001, ndi wogulitsira, 1.1000. Kampata ka pakatipo amakatcha sipuredi, ndipo ndi pamene kampani imadyera. Kamaoneka ngati si kanthu, koma iye ankatenga mayuro 10,000 ulendo uliwonse, choncho kankamudyera dola imodzi akangodina batani, mtengo usanasunthe n'komwe.

Ndinamufunsa kuti amalowa kangati pa tsiku. Anati kakhumi. Ndiye kuti madola 10 pa tsiku, ndipo pa masiku 20 ogwira ntchito pamwezi akukwana madola 200. Umenewo ndi mpamba wake wonse. Kuti angotsala ndi ndalama zomwe anayamba nazo, ankayenera kupindula madola 200 mwezi uliwonse. Ngakhale atalosera bwino maulendo asanu pa khumi aliwonse, n'kumapindula mofanana ndi mmene akuluzira, ndalamayo ikanatha ndithu. Kampani imalandira yake kaya iye wapindula kapena waluza.

Mwina mukudabwa kuti munthu wa madola 200 amagwira bwanji mayuro 10,000. Kampani imamulola kuchita malonda oposa mpamba wake maulendo 50 kapena kuposerapo, zomwe amazitcha levareji. Zikayenda bwino phindu limakula, koma zikavuta kuluza kumakulanso chimodzimodzi. Mtengo ukatsika kuchoka pa 1.1000 kufika pa 1.0900, zomwe zimatha kuchitika tsiku limodzi, iye waluza madola 100. Kuti madola 100 otsalawo abwerere pa 200, ayenera kuchuluka kawiri. Apa m'pamene munthu amapsa mtima n'kuyamba kulowa pafupipafupi ndi ndalama zokulirapo kuti abweze zotayika, ndipo kulowa kulikonse kumalipiridwanso. Tulo timasowa, chakudya sichilowa, maso amangokhala pa foni.

Nanga ankayembekezera chiyani? Amene anamuphunzitsa, atamulipiritsa, anamuuza kuti phindu la 5 peresenti pa tsiku n'losavuta. Tinawerengera zimenezonso. Madola 200 atamakula ndi 5 peresenti tsiku lililonse, phindu n'kumabwezeredwa momwemo, pa masiku 240 angapose madola 24 miliyoni. Munthu wodziwa njira yotere sangataye nthawi kusonkhanitsa achinyamata kuti azimulipira ya maphunziro.

Izi si za ku Malawi kokha. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya la ESMA linanena kuti pa malonda a levareji otere, anthu wamba 74 mpaka 89 pa 100 aliwonse amaluza. N'chifukwa chake makampani a kumeneko amalamulidwa kulemba poyera kuchuluka kwa makasitomala awo oluza. Ku Brazil akatswiri a zachuma anafufuza anthu amene anayamba malonda a tsiku limodzi pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene analimbikira kupitirira masiku 300, anthu 97 pa 100 aliwonse analuza, ndipo pafupifupi mmodzi yekha pa 100 ndi amene ankapeza zoposa malipiro otsikitsitsa a m'dzikomo. Amenewatu sanali ongoyesa. Anali akhama, koma khamalo silinawapulumutse, chifukwa amene ankapikisana nawo ndi mabanki ndi makampani okhala ndi makompyuta achangu, olipiranso zochepa pa malonda aliwonse.

Ngati m'nyumba mwanu muli wochita malondawa, musakangane naye pa zithunzi za tsiku limene anapindula. Mupempheni mokoma mtima kuti akuonetseni mbiri ya miyezi itatu yathunthu. Lembani ndalama zonse zimene anaikamo, kuphatikizapo ya maphunziro ndi ya bandulo. Pambali pake lembani zimene anatapa n'kuzigwira m'manja, muwonjezere zotsala mu akaunti. Kenako werengani kuti analowa kangati, muchulukitse ndi sipuredi. Ngati mbali ya zoikamo ndiyo yaikulu, ndipo akupempha zina kuti abweze zotayika, ndalama ya fizi kapena ya feteleza isapite kumeneko.