Kutalikirana kwa Maenje ndi Kuchuluka kwa Masampulo pa Ntchito Yopima Dothi

Wopima dothi asanayambe kukumba m'munda amakhala atayankha mafunso awiri omwe anthu ambiri amawasakaniza: funso la kuchuluka kwa masampulo, amene ndi tidothi totapidwa m'malo osiyanasiyana kuti tikayezedwe ku labotale, ndi funso la kutalikirana kwa maenje otapamo tidothito. Amene akufuna nambala imodzi yoimira munda wonse amadalira funso loyamba, koma amene akufuna mapu osonyeza kuti dothi lasinthira pati amadalira lachiwiri, ndipo mayankho onse awiri amachokera ku chinthu chimene mwini munda akufuna kuchita ndi zotsatirazo.

Tinene kuti pali munda wa chimanga wa mamita 500 m'litali ndi mamita 400 m'lifupi, kutanthauza mahekitala 20, umene watsetserekera ku dambo, ndipo mwini wake akufuna kudziwa mbali zofunika kuthira laimu. Chimene chikuyezedwa ndi pH, muyeso wa asidi wa m'nthaka, ndipo malire ofunika ali pa 5.5, chifukwa pH ikatsika kuposa pamenepo aluminiyamu amayamba kusungunuka m'dothi n'kumaononga mizu ya chimanga. Malire amenewa ndiwo amanena kuti muyeso ukhale wolondola motani, pakuti kuphonya ndi 0.5 kukhoza kuika mbali yofuna laimu m'gulu la mbali zabwino, pamene kuphonya ndi 0.1 sikungasinthe zambiri.

Ntchito imayamba ndi kafukufuku woyesera, pamene wopima amatapa masampulo pafupifupi 20 m'munda monse, onse kuchokera pamwamba kufika masentimita 20 pansi, pofuna kuona kuti dothilo likusiyanasiyana motani. Tinene kuti avereji ya pH yatuluka 5.4, ndipo mlingo wa kumwazikana, womwe umasonyeza kuti sampulo imodzi imatalikira bwanji ku avereji ndipo umalembedwa s, watuluka 0.4. Kuti avereji ya munda idziwike mosaphonya kupitirira malire d, pa maulendo 95 mwa maulendo 100 alionse, masampulo ofunika amawerengedwa motere:

```
n = (2 × s / d)²
```

Wopima akalola kuphonya ndi 0.2, masampulo 16 akwana, koma akafuna kuti kuphonyako kusapitirire 0.1, masampulo amafika 64. Kuchepetsa kuphonya ndi theka kumachulukitsa masampulo kanayi, pamodzi ndi ndalama za ku labotale, n'chifukwa chake wodziwa ntchitoyi safuna kulondola kumene sikudzasintha kathiridwe ka laimu.

Komabe masampulo 64 amenewa amangonena za avereji, ndipo avereji ya 5.4 ikhoza kubisa pH ya 5.0 kumtunda ndi ya 5.9 kumunsi. Mapu amafuna kuti malo amene sanakumbidwe ayerekezedwe kuchokera ku maenje oyandikana nawo, zimene zimatheka pokhapokha ngati dothi la pa maenje oyandikana likufanana kuposa la pa maenje otalikirana. Chida choonera zimenezi ndi variyogalamu, chojambula chimene chimatenga masampulo awiriawiri, n'kuwaika m'magulu potengera mtunda umene uli pakati pawo, kenaka n'kusonyeza m'mene kusiyana kwawo kumakulira mtundawo ukamakula. Mzere wake umayamba m'munsi, umakwera, kenaka umafika poti sukukweranso, ndipo mtunda umene mzere waleka kukwera ndiwo malire a kufanana: maenje awiri otalikirana kuposa pamenepo sauzana kanthu. Njira yojambulira mapu kuchokera pa variyogalamu imatchedwa ndi dzina la Danie Krige, injiniya wa migodi wa ku South Africa amene anaiyamba poyerekeza kuchuluka kwa golide, ndipo Georges Matheron wa ku France ndiye anaiika m'masamu okhazikika m'zaka za m'ma 1960.

Lamulo limene opima ambiri amatsata ndi lakuti maenje asatalikirane kupitirira theka la malire a kufanana. Ngati m'munda uja malirewo ali mamita 120, maenje ayenera kutalikirana mamita 60 kapena kucheperapo, choncho giridi, yomwe ndi mizere yongoganizira yodutsana ngati ya pa bolodi la dirafuti, ikhoza kukhala ya mamita 50, kupereka mabokosi 10 m'litali ndi 8 m'lifupi, onse pamodzi maenje 80. Giridi ya mamita 100 ingafune maenje 20 okha, koma oyandikana angakhale atatsala pang'ono kusiya kufanana, moti mapu ake amaoneka ngati timadontho tozungulira dzenje lililonse pakati pa avereji yosasintha. Giridi ya mamita 25 ingafune maenje 320, ndipo nthawi zambiri phindu lake silifanana ndi mtengo wake.

Vuto lagona poti variyogalamu yodalirika imafunanso masampulo ambiri. Richard Webster ndi Margaret Oliver anasonyeza mu 1992 kuti osakwana 100 ndi ochepa, ndipo pafupifupi 150 ndiwo abwino. Masampulo 20 oyesera aja sangaulule malire a kufanana, kotero wopima amayamba ndi kuyerekeza potengera minda ya dothi lofanana, maonekedwe a dothi ndi kutsetsereka kwa malo, n'kudzakonza pambuyo. Pa maenje 80 a pa giridi amaonjezerapo ena 20 kapena 30 okumbidwa mamita 5, 10 ndi 20 kuchokera pa ena mwa maenjewo, chifukwa giridi ya mamita 50 payokha siingaonetse chimene chikuchitika pa mtunda wochepera mamita 50.

Maenje oyandikanawa amaulula nageti, kusiyana kumene kumatsalabe ngakhale masampulo atatapidwa pafupi kwambiri, kochokera ku phulusa la mapesi otenthedwa, zulu zakale zimene zinasalazidwa, feteleza wothiridwa paphando, ndiponso kuphonya kwa labotale. M'munda uja kusiyana konse ndi 0.16, kutanthauza 0.4 kuchulukitsa ndi 0.4. Nageti ikakhala 0.04, mapu ndi otheka, koma sangalosere pH ya pa malo amodzi molondola kuposa pafupifupi 0.2, ngakhale giridi itapanikizidwa motani. Ikakhala 0.12, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi a kusiyanaku alibe dongosolo loti n'kujambulidwa, ndipo chanzeru ndi kusiya mapu, kugawa munda m'zigawo za kumtunda, pakati ndi kudambo, n'kuyeza avereji ya chigawo chilichonse. Nageti imachepa ngati pa dzenje lililonse wopima atapa malo 5 mpaka 10 m'kati mwa mamita ochepa n'kusakaniza kuti ikhale sampulo imodzi.

Giridi ilinso ndi msampha m'minda ya mizere. Ngati mizere yatalikirana masentimita 75, mamita 60 ndi mizere 80 yathunthu, moti dzenje loyamba likagwera pamwamba pa mzere, pamene pamathiridwa feteleza, onse otsatira adzagwera pamwamba pomwepo, ndipo dothi la m'khwawa silidzatapidwa. Wopima amapewa zimenezi potapa pa mzere ndi m'khwawa mofanana pa sampulo iliyonse. Pamalo otsetsereka dothi limasintha msanga kulowera kudambo kusiyana ndi mopingasa, choncho maenje amayandikizidwa motsata kutsetsereka, mwina mamita 40, n'kutalikitsidwa mopingasa.

Mapu akatha amayesedwa pochotsa dzenje limodzilimodzi, kulilosera kuchokera ku otsalawo, ndi kuyerekeza ndi zimene labotale inapeza. Ngati kuphonya kukuzungulira 0.25 m'munda monse koma kukukula m'mphepete mwa dambo kapena pamene mapu akudutsa 5.5, masampulo oonjezera amakatapidwa kumeneko kokha, pakuti mbali zimene zili pa 4.9 kapena pa 6.0 zadziwika kale kuti zikufuna laimu kapena ayi.