Buku Lonse pa Tsamba Limodzi

Kuli anyamata ena pa mashini a fotokope amene akugulitsa manotsi pamtengo wa mandasi. Amatapa ziganizo ziwiriziwiri m'chaputala chilichonse, n'kuzindandalika, basi ati afupikitsa buku. Zimandiwawa, chifukwa wophunzira amalipira n'kulowa m'mayeso atanyamula mayina ndi zaka zokhazokha, osadziwa chimene wolemba ankalimbira.

Ine ntchito yanga ndi kufupikitsa buku pa tsamba limodzi. Zakuti buku uliwerenge lonse ndi pensulo m'manja sindichedwapo. Povuta mpamodzi: kupeza amene wolembayo akukangana naye.

Tengani buku la Amartya Sen la 1981, Poverty and Famines. Anthu ankakhulupirira kuti njala yopha anthu imabwera chakudya chikachepa m'dziko. Sen akutsutsa zimenezo: munthu amafa ndi njala akataya mphamvu yopezera chakudya, kaya ndi malipiro, zokolola kapena malonda ake, ngakhale mpunga uli mbwee pamsika. Chiganizo chimenechi chimakhala pamwamba pa tsamba langa, ndipo sindilemba china chisanakhazikike.

Kenaka umboni. M'bukumo muli Bengal, Ethiopia, Sahel ndi Bangladesh, koma malo okwanira ndimapereka kwa mmodzi. Ndimasankha Bengal ya 1943. Wotchipa uja amalemba kuti kunafa anthu pafupifupi 3 miliyoni, n'kupitirira. Wowerenga amangoganiza kuti mpunga unasowa, zomwe Sen analembera buku kuti azitsutse! Mzere wosatayika ndi wakuti, m'kuwerengera kwa Sen, chakudya cha 1943 chinkaposa cha 1941, chaka chimene kunalibe njala. Chinasintha ndi mtengo: unakwera kwambiri m'nthawi ya nkhondo, malipiro a aganyu akumidzi n'kutsalira, asodzi nawo n'kulephera kugula. Bangladesh ya 1974 imalandira mzere umodzi: madzi osefukira anachotsa aganyu ntchito zokolola zisanakhudzidwe. Pansi ndimasunga malire: Sen sakunena kuti kuchepa kwa chakudya sikubweretsa njala, akunena kuti pakokha sikulongosola amene afa ndi amene apulumuka.

Luso ili anandiphunzitsa ndi aphunzitsi anga a mbiri yakale, mkulu wa jekete lotuwa ndi choko. Ankatenga tsamba langa, kulitembenuza chafufumimba patebulo, n'kuti, "Mwanawe, tandiuza, mkuluyu akukana chiyani?" Ndikayankha, ankaliwerenga mokweza, akuika "choncho" kapena "chifukwa" pakati pa mizere. Mzere wokana kulumikizika ankaukhwatcha ndi bolopeni yofiira, ngakhale ukome bwanji. Mpaka lero tsamba silichoka m'manja mwanga lisanayesedwe motero.

Makasitomala ndiye amati, "Akulu, tsamba limodzi lokhali ndalama zonsezi?" Ena amafuna ndithinitse zilembo kuti machaputala onse alowe. Ndimakana. Amene akufuna masamba ambiri otchipa apite ku fotokope. Kwa ine mukulipira kuwerenga konse kumene kwandiuza zoyenera kutaya.