Kudzimbidwa kosamva mgaiwa

Ife amene timathandiza pa zaumoyo mu mpingo timalandira mafunso ambiri okhudza kudzimbidwa, ndipo ambiri amabwera monong'ona anthu ena atabalalika. Yankho lathu loyamba mumalidziwa kale: idyani nsima ya mgaiwa, masamba, nyemba ndi zipatso, imwani madzi okwanira, yendani tsiku ndi tsiku, ndipo chimbudzi chikakugwirani musachichedwetse. Kwa anthu ambiri zimenezi zimakwanira. Koma pali ena amene amachita zonsezi mokhulupirika kwa miyezi, ngakhale zaka, vuto osasuntha. Anthu oterewa amafika podzikayikira, ndipo a m'banja mwawo amayamba kuganiza kuti mwina sakutsatira bwino malangizo. Nkhani ino tikulembera iwowa, chifukwa kudzimbidwa kwa nthawi yaitali si kwa mtundu umodzi, ndipo madokotala a matumbo ali ndi njira zosiyanitsira mitunduyo.

Chakudya chikagayika, zotsala zimalowa m'thumbo lalikulu, limene ndi lalitali pafupifupi mita imodzi ndi theka. Thumboli limafinya zotsalazo pang'onopang'ono kuzipititsa kumunsi, uku likuyamwa madzi. Kwa anthu ena kufinyako ndi kofooka kapena kumachitika patalipatali, choncho ulendo umene ukanatenga tsiku limodzi kapena awiri umatenga sabata. Zotsala zikakhalitsa m'njira zimauma n'kulimba. Uwu ndi mtundu woyamba, wa thumbo loyenda pang'onopang'ono.

Mtundu wachiwiri uli kumapeto kwa njira. Pamenepo pali minofu imene imagwira chimbudzi kuti chisatuluke nthawi yosayenera. Umodzi umazungulira kotulukira ngati mphete, wina umakoleka thumbo lakumapeto ngati lamba n'kulipinda. Munthu akamakankha, minofu iwiriyi imayenera kumasuka kuti njira iwongoke ndi kutseguka. Kwa anthu ena minofuyi simasuka, kapenanso imalimba kwambiri pamene akukankha, iwo osadziwa. Zimakhala ngati munthu akukankha chitseko ndi phewa kwinaku dzanja lake lomwe likuchikoka kuti chitsekeke. Chimbudzi chafika kale pakhomo, mwina n'chofewa, koma sichituluka.

Mmene munthu akufotokozera vuto lake zimapereka chithunzi choyamba. Wa thumbo loyenda pang'onopang'ono amanena kuti amatha masiku asanu kapena asanu ndi awiri osamva n'komwe kuti akufuna kupita kuchimbudzi, mimba ili yotupa. Wa chitseko chosatseguka amanena kuti amamva kufuna kupita, mwina kangapo pa tsiku, koma amakhalitsa akukankha, amatuluka akumva kuti zina zatsala, ndipo ena amachita kudina pambali pa kotulukira kapena kuthandizira ndi chala. Komabe madokotala sadalira mawu okha, chifukwa zizindikirozi zimalowana, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mavuto onse awiri.

Mayi wina wa zaka 52 anatilola kufotokoza nkhani yake popanda dzina. Sadya nyama, ufa woyera anausiya kalekale, ndipo papaya sasowa pakhomo pake. Koma kwa zaka zitatu ankakhala kuchimbudzi mphindi makumi awiri m'mawa uliwonse, n'kutuluka atatopa. Mankhwala otsegula m'mimba ankangomupweteketsa m'mimba. Chimbudzi chinkafewa koma kutuluka kunali kovuta chimodzimodzi. Mwana wake, amene amagwira ntchito kunja, anamutengera kwa dokotala wa matumbo kumeneko.

Dokotala anayamba ndi mafunso: mankhwala amene amamwa, popeza kodini, mofini ndi mapiritsi owonjezera magazi amadzimbiditsa, komanso ngati ali ndi shuga kapena vuto la chithokomiro. Kenako anamuyeza ndi chala atavala golovu. Chala chili m'kati, anamuuza kuti akankhe ngati ali kuchimbudzi. Mwa munthu wopanda vuto, dokotala amamva mnofu ukumasuka ndipo malo ozungulira amatsika pang'ono. Mwa mayiyu mnofu unafinya chalacho. Kuyeza kumeneku sikufuna makina aliwonse, ndipo kumathandizanso kupeza chotupa kapena chilonda ngati chilipo.

Chachiwiri chinali kuyeza ndi kabaluni. Amalowetsa kabaluni kopanda kanthu kolumikizidwa ku kapaipi, n'kuthiramo madzi ofunda okwana mamililita 50, pang'ono kuposa masupuni atatu aakulu. Munthu amamusiya yekha pa mpando wa chimbudzi kuti akatulutse, nthawi ikuwerengedwa. Anthu ambiri opanda vuto amakatulutsa mphindi imodzi isanathe. Mayiyu anatha mphindi ziwiri kabaluni kali m'kati. Tsiku lomwelo anamuyeza ndi makina oyeza mphamvu ya minofu, amene madokotala amati manometire. Ndi kapaipi kowonda kuposa chala kamene kamaonetsa pa kompyuta kufinya kwa malo awiri nthawi imodzi, m'thumbo lakumapeto ndi pa mphete ya kotulukira. Pokankha, mphamvu ya m'thumbo iyenera kukwera, ya pa mphete itsike. Mwa iye zonse ziwiri zinakwera. Kuyezaku sikufuna mankhwala ogonetsa, ndipo nthawi zambiri sikupitirira theka la ola.

Ulendo wa m'thumbo lalikulu amauyeza mwa njira ina. Munthu amameza kapisozi mmodzi wokhala ndi timphete 24 tating'ono timene timaoneka pa ekisirei. Kwa masiku asanu amadya monga mwa nthawi zonse, koma samwa mankhwala otsegula m'mimba kapena kupopa. Tsiku lachisanu amajambulidwa pamimba. Ngati timphete totsala sitikupitirira tisanu, ulendo uli bwino. Tikakhala tisanu ndi kamodzi kapena kuposa, ulendo ukuchedwa. Mayi woyembekezera sayezedwa chonchi chifukwa cha ekisireiyo. Mwa mayi uja munatsala timphete 11, tambiri titaunjikana kumunsi.

Apa m'pamene pamafunika kusamala. Timphete 11 tikanawerengedwa patokha, munthu akanati thumbo la mayiyu ndi lofooka. Koma chitseko chikakhala chosatseguka, zonse za m'mbuyo mwake zimachedwanso, monga mmene mzere wa kuchigayo umatalikira makina akamagaya movutikira. N'chifukwa chake madokotala ambiri amayamba ndi kuyeza kotulukira, ndipo akapeza vuto pamenepo amalichiza kaye, n'kudzayezanso ulendo wa thumbo pambuyo pake ngati kudzimbidwa kukupitirira. Ngakhale malo amene timphete taima sali umboni wokwanira pawokha. Amangowonjezera pa zimene kabaluni ndi manometire zaonetsa.

Zikakhala kuti zoyeza ziwirizo zikutsutsana, kapena dokotala akukayikira kuti china chake chapotoka m'kati, pali kujambula kwina. Amalowetsa phala la beriyamu m'thumbo lakumapeto, munthu n'kukhala pa mpando wapadera, ndipo amamujambula pamene akulitulutsa. Chithunzicho chimaonetsa ngati njira ikuwongoka, ngati khoma la thumbo likutuzuka kulowera ku njira ya abambo n'kupanga kathumba kosunga chimbudzi, zimene zimachitika mwa amayi ena amene anabereka, kapena ngati thumbo likudzipinda n'kulowa mwa ilo lokha. Mayi uja sanafunikire zimenezi chifukwa zoyeza zake zinagwirizana.

Chithandizo chake sichinali mpeni kapena mankhwala atsopano. Anamuphunzitsa kukankha mwa njira yotchedwa bayofidibaki. Kachipangizo kakang'ono kamaikidwa kotulukira, iye akuona pa kompyuta pamene mnofu walimba ndi pamene wamasuka, ndipo womuphunzitsa amamuonetsa kukankha ndi mimba uku kumunsi kuli komasuka. Anapita maulendo asanu m'miyezi iwiri, akuyeserera kunyumba pakati pa maulendowo. Anamuuzanso kuti azipita kuchimbudzi atangodya chakudya cham'mawa, nthawi imene thumbo limayenda mwamphamvu, asakhalepo kupitirira mphindi zisanu, ndipo pa chimbudzi chokhalira aziponda pa kampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Amene timagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa kunjuta kumawongola njira. Atamuyezanso, kabaluni kanatuluka mphindi imodzi isanathe. Mgaiwa ndi papaya akudyabe, ndipo tsopano zikumuthandiza chifukwa njira ikutseguka.

Munthu wa mtundu woyamba uja zotsatira zake zimakhala zosiyana. Kabaluni amakatulutsa msanga, manometire amaoneka bwino, koma timphete timatsala tambiri, kawirikawiri titamwazika m'thumbo lonse. Iyeyu bayofidibaki sichithandizo chake. Amafunika mankhwala okokera madzi m'thumbo monga lakitulozi, kapena ofulumizitsa thumbo monga bisakodili ndi sena, motsatira malangizo a dokotala. Kuwonjezera gaga wambiri nthawi zambiri kumangomutupitsa mimba ndi mpweya. Ochepa kwambiri amene zonse zakanika amachotsedwa thumbo lalikulu, koma madokotala sachita opaleshoniyi asanatsimikize kuti kotulukira kukugwira ntchito, chifukwa kuchotsa thumbo kwa munthu amene vuto lake ndi chitseko kumamusiya ndi chipsera ndi kudzimbidwa komwe kuja.

Tikudziwa kuti makina a manometire ndi bayofidibaki amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, ndipo ambiri a ife tili kutali nazo. Koma pali zimene tingachite pa chipatala chimene tili nacho pafupi. Kwa sabata ziwiri lembani tsiku lililonse limene mwapita kuchimbudzi, ngati munamva kufuna kupita, nthawi imene munakhalako, kulimba kwa chimbudzi, ndiponso ngati munathandizira ndi chala. Chomalizachi ambiri amachibisa ndi manyazi, pamene chimamuuza dokotala zambiri. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, ndi azitsamba omwe. Ndipo pemphani kuti poyeza ndi chala akuuzeni mukankhe. Kumbukiraninso kuti kusapita tsiku lililonse si matenda. Kuyambira katatu pa tsiku mpaka katatu pa sabata zonse zili bwino ngati simukuvutika.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira zolemba za sabata ziwiri. Magazi m'chimbudzi, kuwonda popanda chifukwa, kuchepa magazi, kapena kudzimbidwa kumene kwayamba kumene mwa munthu wopitirira zaka 45, makamaka ngati m'banja munali khansa ya m'matumbo, zimafuna dokotala msanga, amene angafune kuona m'kati mwa thumbo ndi kamera. Mimba ikatupa mwadzidzidzi, munthu akusanza ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musamupatse mankhwala otsegula m'mimba.

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene wadya mgaiwa ndi masamba miyezi itatu, akumwa madzi ndi kuyenda, koma akuvutikabe, musamuwonjezere mbale ina ya gaga. Mufunseni pambali ngati chimbudzi sichibwera n'komwe kapena chimafika koma chimakana kutuluka, ndipo mumuperekeze akanene yankho lakelo kwa dokotala.