Mamita 6.75 amene anandikopa

Sabata yanga yoyamba pantchito yomanga, akapitawo anandipatsa timapepala tophatikiza, takuda ndi simenti, nati: "Uwerenge usanaponde makwerero." Inali ndondomeko yogwirira ntchito pamalo okwera. Ndinkayesa ndi zija zongosayina n'kuiwala, koma usiku umenewo ndinaiwerenga kawiri, nsima n'kuzizira.

Chimene chinandigwira mtima ndi masamu a hanesi, lamba uja wokoleka m'mapewa ndi m'ntchafu. Ine ndinkaganiza kuti ukangovala n'kukola chingwe pachitsulo, basi wapulumuka. Ayi ndithu! Chingwe chake n'chotalika mamita 2. Pachingwepo pali kathumba kosokedwa mopinda, kamene kamasosoka munthu akagwa kuti kugwedezekako kusamuthyole msana, ndipo kamatha kutalika mpaka mamita 1.75. Kenaka uwerengere msinkhu wa munthuyo, mamita 2, ndi mita imodzi yapadera kuti mapazi asagunde pansi. Zonse pamodzi ndi mamita 6.75, kuyeza kuchokera pamene wakola chingwe.

M'mawa ndinayang'ana denga la nyumba yosungiramo katundu imene tinkakhoma malata. Kuchokera pansi linali mamita 4 okha. Ndiye kuti munthu wokola chingwe chotere pamenepo angamenyetseke pansi kathumba kaja kasanamalize ntchito yake, hanesi ili m'thupi. Ndinathamangira kwa akapitawo ngati ndatola ndalama. Anaseka, nanditsegulira tsamba lotsatira: padenga lotsika chonchi timamanga zotchinga m'mphepete, zikakanika timagwiritsa ntchito chingwe chachifupi chosalola munthu kufika n'komwe pomwe angagwe. Chingwe chogwira munthu atagwa kale chimabwera pomaliza, njira zina zikalephera.

Kwinako ndondomekoyi imayenda mwachidule. Makwerero atalike ndi khoma mita imodzi pa mamita 4 alionse okwera, apitirire ndi mita imodzi pamwamba pa potsikira, ndipo amangidwe. Nsanja yazitsulo iyenderedwe isanagwire ntchito, kenaka masiku 7 alionse, komanso kukagwa chimvula kapena kukawomba chimphepo. Woyenderayo amapachika kachikwangwani polowera: kobiriwira kwera, kofiira usayerekeze.

Ndinakondanso kuti ntchito iliyonse ili ndi mwini wake. Akapitawo ndiwo amasayina chilolezo cha tsikulo. Wokwera amaona yekha hanesi yake, kupapasa ulusi wa m'misoko ndi kuyesa ngati ngowe ikutsekeka, ndipo chingwe chimene chinagwirapo munthu wakugwa sachigwiritsanso ntchito. Pansi pamakhala wina woletsa anthu kudutsa, poti hamala imagwanso. Ndipo palibe amene amakwera asanadziwe womutsitsa akalendewera, chifukwa malamba akafinya ntchafu magazi amadzadza m'miyendo, munthu n'kukomoka m'mphindi zochepa.

Lachisanu ndinakwera koyamba. Ndisanaponde, ndinayeza phazi la makwerero ndi tepi, anzanga akundiseka kuti ndasanduka mphunzitsi wa masamu. Linali pafupi kwambiri ndi khoma, ndipo tinalikokera kunja pang'ono.