Samu ya phindu la wamalonda, kuchoka pa bolodi kufika pa foni

Funso la wamalonda amene wapeza phindu kapena waluza silisowa pa mayeso a masamu a Sitandade 8 ndi Fomu 2. Chasintha ndi njira imene limafikira kwa wophunzira. M'zaka za m'ma 1980, pepala la mayeso akale limakhala limodzi, lili ndi aphunzitsi. Iwo ankalemba funso pa bolodi, ana n'kumakopera liwu ndi liwu, ndipo pofika kumapeto ankakhala ataliwerenga kawiri. Lero pepala amalijambula pa foni n'kutumizirana. Chithunzi chimabwera chopendekeka, m'mphepete mutadulidwa, nthawi zina chala cha wojambula chitaphimba nambala. Diso limathamangira manambala, mawu n'kutsala.

Ndalama nazo zasintha. Kale mitengo inali ya matambala, ndipo poti matambala 100 amapanga kwacha, mwana ankamva msanga kuti 15% ndi matambala 15 pa kwacha iliyonse. Mwana wa lero sanagulepo kanthu ndi tambala, choncho peresenti amayenera kuimanga yekha pa pepala.

Funso likhoza kukhala lotere: mayi wagulitsa thumba la mpunga pa K69,000 n'kupeza phindu la 15%. Kodi anapikula ndalama zingati?

Choyamba n'kupeza chimene sichikudziwika, chomwe ndi mtengo wopikulira, n'kuchitcha x. Phindu limawerengeredwa pa ndalama imene mayiyo anatulutsa popikula, osati imene walandira kwa wogula. Phindu lake ndi 0.15x, ndipo mtengo wogulitsira ndi wopikulira kuphatikiza phindulo:

x + 0.15x = 69,000
1.15x = 69,000
x = 60,000

Ambiri amagwa pomwepa. Amaona 15% ndi 69,000 zili moyandikana pa chithunzi, n'kuchulukitsa, kupeza K10,350, kuchotsera, n'kulemba K58,650. Yankholi limaoneka labwinobwino, n'chifukwa chake limapusitsa ngakhale ana anzeru. Kuligwira n'kosavuta: 15% ya K58,650 ndi K8,797.50, ndipo zikaphatikizidwa zimangofika K67,447.50, osati K69,000. Koma 15% ya K60,000 ndi K9,000, zomwe zikufikitsa pa mtengo wa m'funso ndendende.

Wamalonda akaluza, chimasintha ndi chizindikiro chokha. Thumba lomwelo likagulitsidwa pa K51,000 moluza 15%, samu imakhala 0.85x = 51,000, ndipo x ndi 60,000 yomweyo.

Foni yathandiza, pakuti mwana wa kumudzi akuona mapepala amene kale sakanawapeza. Chimene yachotsa ndi kukopera kuja, komwe kunkamukakamiza kuwerenga mofatsa. Wophunzira ayenera kukubwezeretsa yekha: alembe funso m'kope ndi dzanja, atchule ngati mtengo wopatsidwawo ndi wopikulira kapena wogulitsira, kenako ndiye ayike x. Ngati nambala ina siikuoneka bwino pa chithunzi, apemphe kuti amujambulirenso asanayambe kuwerengera.