Nyuwere ya kuseri kwa nyumba

M'zaka za m'ma 1980, pamene tinkakhala ku Zingwangwa mu Blantyre, chinthu chovuta kupeza pa usiku wa 31 Disembala chinali kuwala. Nkhuku inalipo kale m'khola, mango anali mbwee mumtengo wa pakhomo, ndipo thobwa amayi ankaphika ndi chimera chawochawo. Koma kuti anthu akhale panja mpaka pakati pa usiku, pankafunika palafini wokwanira ndi mabatire atsopano a wailesi, ndipo ziwirizi ndizo zinkadya ndalama ya abambo. Lero zinthu zatembenuka. Kuwala ndi nyimbo zatsika mtengo moti mwana wasukulu amayenda nazo m'thumba, pamene nkhuku, mafuta ophikira ndi shuga ndizo zimatikhazika pansi ndi pensulo kuwerengera. Amene akukonza Nyuwere ndi ndalama zochepa masiku ano ayenera kuyamba wazindikira kutembenuka kumeneku, apo ayi ndalama ithera pamalo polakwika.

Zokongoletsa za nthawi imeneyo zinali ntchito ya ana. Tinkadula nyuzipepala zakale timizeretimizere, n'kumata nsonga zake ndi phala la ufa wa chinangwa, mphete ina kulowa mu inzake mpaka unyolo utatalika kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa mango. Amene anali ndi mwayi ankagula mapepala ofewa aja ofiira ndi obiriwira m'masitolo a ku Limbe, koma mapepalawo sankagwirizana ndi mvula: akangonyowa ankasuluka, utoto n'kudontha pa malaya a alendo. Pachipata tinkazika makhwatha a nthochi mbali zonse ziwiri, n'kusomekamo maluwa othyola kumpanda wa aneba titapempha. Pabwalo tinkasesa, kenako achemwali anga ankatsira ndi dothi lofiira m'mbali mwa khonde. Nyali yagalasi imodzi inkapachikidwa panthambi, makoloboyi awiri pansi. Wailesi ya Nzeru inkakhala pampando wakewake, ndipo palibe ankaloledwa kuitsegula masana kuopa kutha mabatire. Muulutsi wa MBC akanena kuti chaka chalowa, dera lonse linkasanduka phokoso la zitini, migolo ndi nthungululu, anyamata akuwotcha matayala kumsewu.

Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Utsi wa koloboyi unkadetsa mphuno, ndipo mphepo ikangowomba tinkakhala mumdima. Mvula ikabwera chisangalalo chinkathera pomwepo, aliyense n'kuthamangira kwawo atafunda thumba kumutu.

Kuwala kotchipa kunabwera pang'onopang'ono, koma kwathu kunakhazikika mu 2022. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima nthawi yaitali. Mabanja ambiri, ife tomwe, tinagula nyali za sola ndi mababu otchaja. Zinagulidwa chifukwa cha mavuto, koma ndizo zimene lero zimawalitsa maphwando a kuseri kwa nyumba. Mbali inayo, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patangotsala milungu yochepa kuti anthu ayambe kugula za Khirisimasi. Onjezerani pamenepo kuti Januwale amabwera ndi fizi, lendi ndi feteleza wobereketsa. Ndalama ya Nyuwere imachotsedwa pa zinthu zimenezi, n'chifukwa chake ine sindiitenga mwachibwana.

Pakhomo pamene ndikukhala tsopano ku Bangwe, timasonkherana mabanja anayi, anthu pafupifupi 25 kuphatikiza ana. Kale msonkho unali mbale ya ufa kapena nkhuku yamoyo. Lero mlamu wanga amatsegula gulu pa WhatsApp ndipo aliyense amatumiza yake pa Mpamba kapena Airtel Money. Tinagwirizana kuti pa magawo khumi a ndalamayo, asanu ndi awiri apite ku chakudya ndi makala, awiri ku denga la pabwalo, ndipo gawo limodzi lokha ndilo la zokongoletsa. Achinyamata anadandaula poyamba, poti iwo amaona pafoni zithunzi za maphwando okhala ndi mabaluni mazanamazana ndi nsalu zonyezimira za akatswiri okongoletsa. Koma tenti ya hayala ndi mipando yovekedwa nsalu zikhoza kumeza msonkho wonse alendo asanalawe kanthu.

Denga ndilo loyamba, chifukwa Nyuwere kuno imagwa pakati pa dzinja. Timabwereka lona kwa mnzathu wina amene amayanikirapo chimanga, n'kumuthokoza ndi kangachepe. Kamangidwe kake ndi kamene anthu ambiri amalakwitsa. Lona womangidwa mofanana mbali zonse amasunga madzi pakati, amayamba kulendewera, kenako chingwe chimaduka kapena nsungwi imathyoka, madzi onse n'kukhuthukira pa anthu. Ife timamanga mbali imodzi m'mwamba, kumitengo ya denga la nyumba, ndipo mbali inayo timaitsitsa ndi mkono wathunthu pa nsungwi zozikidwa bwino. Pakati timaimika nsungwi ina yaitali, nsonga yake titaiveka botolo lapulasitiki lodula kapena chiguduli kuti isaboole lona. Kumene madzi azigwera timakumba kangalande kolunjika kudimba, kuti asabwerere pansi pa mipando. Masana ake timathira ndowa imodzi ya madzi pamwamba poyesa. Pamene madzi aima, pamenepo ndi pofunika kukoka chingwe. Pansi, ngati pali matope, timamwaza mchenga kapena utuchi wochokera kwa kalipentala, n'kuyala mphasa za ana pamwamba pa matumba.

Kuwala nako kuli ndi mwambo wake. Nyali za sola sizidzaza bwino m'masiku a mitambo, choncho timaziyanika masiku awiri lisanafike tsikulo ndipo sitiziyatsa mpaka madzulo a pa 31. Timagetsi ta pachingwe timene timalumikizidwa ku batire yotchajira foni ndi tabwino kuposa tolumikiza kukhoma, chifukwa magetsi akazima timayakabe, komanso sipakhala waya woyenda pansi ponyowa. Zimene ndimakana kwamtuwagalu ndi waya wolumikiza pakati n'kukulunga ndi jumbo, wodutsa pamene ana akuthamanga opanda nsapato. Makandulo timayika m'mabotolo agalasi otsegula kukamwa, titathiramo mchenga pang'ono kuti aime, ndipo timawatalikitsa ndi mpanda wa udzu ndi lona.

Pali chinthu china chimene koloboyi sankachita kwambiri koma babu loyera limachita: kuitana tizilombo. Mvula ikagwa masana, madzulo ake ngumbi zimatuluka ndipo zimathamangira pamene pali kuwala kwambiri. Mukapachika babu lowala pamwamba pa tebulo la chakudya, mapiko amadzaza mumpunga ndi m'thobwa. Choncho babu lamphamvu kwambiri timalipachika pakona patali, pansi pake n'kuikapo beseni la madzi. Ngumbi zimagwera mmenemo, ana amasangalala kuzitola, ndipo m'mawa mwake zimakazingidwa. Patebulo timangoyikapo kuwala kofatsa, kwachikasu, ndipo miphika imakhala yovundikira. Udzudzu nawo ndi nyengo yake, ndiye ana aang'ono akayamba kuwodzera timawanyamula kukawagoneka m'masikito, osati kuwasiya pamphasa mpaka 12 koloko.

Pa zokongoletsa zenizeni ndinabwerera ku nzeru ya amayi, koma ndi zipangizo zina. M'malo mwa nyuzipepala, ana amapita kwa telala wa pamsika kukapempha tizidutswa ta zitenje totsala. Timatidula timakona atatu, n'kutisokerera pachingwe motalikirana chikhatho chimodzi. Timbendera timeneti sitisuluka ndi mvula, timachapika, ndipo chaka chamawa timangotitulutsa m'katoni. Makhwatha a nthochi pachipata akadalipo. Patebulo timayala chitenje choyera bwino, pakati n'kuunjika mango ndi zinanazi za ku Mulanje, zimene m'nyengoyi zimapezeka zambiri. Zimakongoletsa madzulo, usiku n'kudyedwa. Mabaluni timagula paketi imodzi yokha chifukwa cha ana, ndipo timawapopa dzuwa litapendeka, poti opopedwa m'mawa amaphulika ndi kutentha alendo asanafike. Manambala a chaka chatsopano mdzukulu wanga amawadula pakatoni, amawakutira ndi pepala lonyezimira la m'mapaketi a mabisiketi, n'kuwapachika kukhoma. Pamenepo ndi pamene anthu amajambulitsa, ndipo ndavomereza kuti m'badwo uno umafuna malo amodzi otere. Khoma limodzi lokonzedwa bwino limakwanira.

Chakudya ndi chimene chimafuna mutu. Kilogalamu imodzi ya mpunga imakwanira anthu asanu ndi atatu kapena kuposerapo pang'ono ngati pali ndiwo zokwanira, choncho makilogalamu atatu kapena anayi amatikwana, ndi nsima pambali ya akuluakulu amene sakhuta mpunga. Nkhuku timagula kumayambiriro kwa Disembala zisanakwere mtengo, n'kuzisunga m'khola la aneba. Nkhuku yowotcha pambaula imatha msanga ndipo ena saiona. Yophika ndi msuzi, yodulidwa nthuli khumi kapena khumi ndi ziwiri, imafikira aliyense. Nyemba ndi kabichi zimathandizira. Zakumwa za m'mabotolo tinazichepetsa, thobwa n'kubwerera pamalo pake. Azakhali ndiwo amaliyang'anira: amaphika phala pa 29 madzulo, likazizira mpaka kufunda amathiramo chimera, limagona usiku, m'mawa mwake amaliwiritsanso. Shuga amathira pa tsiku lomwera. Mukathira chimera phala likadali lotentha kwambiri thobwa silitsekemera, ndipo mukaliphika masiku ambiri m'mbuyo, ndi kutentha kwa Disembala, limasasa n'kuyamba kulowera ku mowa.

Kusintha kwina kumene sindinakuyembekezere ndi kwa nthawi. Ndili mwana aliyense ankakhala pakhomo pofika pakati pa usiku, kutchalitchi tinkapita m'mawa wa pa 1 Januwale. Tsopano mipingo yambiri imachita mapemphero a usiku olowera m'chaka, ndipo theka la alendo athu limanyamuka cha m'ma 9 koloko, kubwera 1 koloko itadutsa, ali ndi njala. Phwando lathu linagawika pawiri chifukwa cha zimenezi. Ana ndi okalamba amadya cha m'ma 7 koloko. Pakati pa usiku otsalafe timatsitsa sipika, wamkulu wa pakhomo amapemphera, kenako ana amamenya zitini zawo pamene makombola akuphulika cha kutauni. Ife sitigula makombola, ndalama yake ndi ya nkhuku yathunthu. Mphika umodzi wa mpunga ndi wina wa ndiwo timaubisiratu kukhitchini, makala pang'ono timasiya m'thumba, ndipo nyali ziwiri za sola sitiziyatsa n'komwe mpaka akutchalitchi atagogoda pachipata. Akafika, mlamu wanga amakolezanso mbaula, azakhali amatsegula ndowa yachiwiri ya thobwa, ndipo ana amene akadali m'maso amathamangitsidwa kukagona kuti mipando ikwanire.